Mmene mungalembere mnzanu kalata mukasiyana malikisi pa chimangirizo chojambulidwa pa foni

Kuchonga kachiwiri sikuvuta ngati inu ndi wochonga woyamba mwasiyana ndi malikisi awiri kapena atatu. Pamavuta ndi pamene mnzanu wapereka 48, inu mwapereka 63, ndipo nonse awiri pepala lenilenilo simunaligwire m'manja, munangoona zithunzi zimene wophunzira anajambula pa foni n'kutumiza. Zotere zinachuluka kuyambira mu Marichi 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo mpaka pano ophunzira ambiri amene amaphunzira ali kwawo amalemba pamanja, kujambula, n'kutumiza pa WhatsApp kapena kuika pa Moodle, tsamba la pa intaneti loperekerapo ntchito za sukulu.

Ambirife timalephera pa kalata yoyamba yopita kwa mnzathuyo. Ena amangolemba kuti, "Ine ndapeza 63, tikumane pakati?" Ena amalemba ndime zitatu zoteteza malikisi awo, mnzawoyo n'kumva ngati akuuzidwa kuti sadziwa kuchonga. Onsewa alumpha funso loyenera kukhala loyamba pa ntchito yojambulidwa: kodi awirinu munawerenga chimangirizo chimodzimodzi? Mutu ungakhale umodzi, wophunzira mmodzi, koma masamba amene anafika m'maso mwanu n'kukhala osiyana.

Ndigwiritsa ntchito nkhani imene inandichitikira pa koleji ina ya aphunzitsi. Funso linali lofotokoza zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Chimangirizocho chinali cha m'Chingerezi, koma pano ndizitchula zonse m'Chichewa.

## Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Zithunzi zonse monga mmene zinafikira koyamba, osati zimene zadutsa m'mafoni atatu.
- Kope imene wochonga woyamba anachongapo, ndi ndemanga zake zonse.
- Mlozo wochongera umene nonse munapatsidwa, pamodzi ndi funso monga mmene ophunzira analilandirira.
- Lamulo la dipatimenti yanu lonena za kuchonga kachiwiri.
- Lakitopu kapena kompyuta ya sikirini yaikulu. Pa foni musachongerepo.
- Fomu yolembapo malikisi ogwirizana, ngati ilipo.
- Nambala ya wophunzira. Dzina lake lisalowe m'kalata.

## 1. Tsekani malikisi anu, kenako werengani lamulo

Musanayang'ane ndemanga za mnzanu, lembani malikisi anu a chigawo chilichonse cha mlozo, ndi chifukwa chimodzi kapena ziwiri pa chigawo chilichonse, n'kulembapo tsiku. Mukayamba mwawerenga ndemanga zake, maganizo anu ayamba kutsamira kwa iye kapena kulimbana naye, ndipo pofika polemba kalata simudziwanso chimene munaona nokha.

Mukatero tsegulani lamulo la dipatimenti. Malamulowa amasiyana malo ndi malo, choncho musadalire zimene munazolowera kumene munkagwira kale. Kumene ndinali ine, malikisi okhozera anali 50, ndipo ochonga ankayenera kukambirana akasiyana ndi malikisi oposa 5, kapena ngati wina wakhozetsa pamene wina walepheretsa. Pa 48 ndi 63 zonse ziwiri zinalipo: kusiyana kwa malikisi 15, komanso malire okhozera ali pakati pathu.

Chenjezo: onaninso ngati munapatsidwa ntchito yochonga pepala lililonse kachiwiri, kapena yongotapako mapepala ochepa kuti muone ngati kachongedwe kali bwino. Ngati munangotapako, nthawi zambiri simuloledwa kusintha malikisi a wophunzira mmodzi yekha, chifukwa anzake amene mapepala awo sanatapidwe sapeza mwayi womwewo.

## 2. Tsimikizani kuti munawerenga masamba omwewo

Apa ndi pamene muyenera kutherapo nthawi. Ikani kope ya mnzanu kumanzere, zithunzi zanu pa sikirini, ndipo werengani masamba. Musawerenge mafayilo okha, chifukwa wophunzira angathe kujambula tsamba limodzi kawiri n'kusiya lina, mafayilo n'kukwanira koma masamba osakwanira. Njira yodalirika ndi yowerenga mzere womaliza wa tsamba lililonse pamodzi ndi mzere woyamba wa tsamba lotsatira. Chiganizo chikaduka, pali chimene chasowa kapena masamba asokonekera.

Pa nkhani yanga, foda ya kosi inali ndi mafayilo 6 otere:

```
IMG-20240517-WA0012.jpg
IMG-20240517-WA0013.jpg
IMG-20240517-WA0014.jpg
IMG-20240517-WA0015.jpg
IMG-20240517-WA0016.jpg
IMG-20240517-WA0021.jpg
```

Umu ndi mmene WhatsApp imatchulira zithunzi pa foni ya Android: tsiku limene chithunzi chinafika pa foniyo, kenako nambala yotsatizana. Taonani kuti pakati pa 0016 ndi 0021 pali mpata. Zikusonyeza kuti chithunzi chomalizacho sichinabwere pamodzi ndi zinzake, panalowa zithunzi zina za anthu ena pakatipo. Nditachitsegula ndinapeza kuti si tsamba lomaliza ayi, ndi tsamba lachinayi. Wophunzirayo analiiwala, n'kulitumiza pambuyo pake.

Kope ya mnzanga inali ndi masamba 5 omangidwa ndi sitepula. Amene anapulinta anapulinta gulu loyamba lokha, ndipo popeza wophunzirayo sanalembe manambala a masamba, palibe anazindikira. Tsamba lachitatu linkathera pa mawu onena kuti anthu okhala m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ankakakamizidwa, basi chiganizo n'kuduka. Tsamba lotsatira pa kope yake linkayamba ndi ndime yatsopano ya nkhondo. M'mphepete mnzanga analemba ndi cholembera chofiira kuti, "Mfundo yasiyidwa m'malere. Za thangata zili kuti?" Ndemangayo inali yolondola pa zimene iye anaona. Za thangata zonse, za msonkho wa nyumba, za Alomwe ochokera ku Mozambique amene ankagwira ntchito m'mindamo, ndi za nkhanza za William Jervis Livingstone amene ankayang'anira mindayo, zinali pa tsamba limene iye sanalilandire.

Mukapeza tsamba lotere, funso lotsatira ndi la nthawi: kodi linafika nthawi yoperekera isanathe? Dzina la fayilo limasonyeza tsiku lokha, ola silisonyeza. Pitani kwa amene analandira uthengawo koyamba, muone nthawi pa macheza enieniwo, ndipo mupemphe chithunzi cha sikiriniyo. Kwa ife nthawi yotsekera inali 5 koloko madzulo. Masamba 5 anafika 4:41, lotsalalo linafika 4:52. Linali m'nthawi yake, choncho linayenera kuchongedwa. Likanafika mochedwa, nkhaniyo sikanakhalanso ya ochonga awiri, ikanapita kwa woyang'anira kosi kuti atsate lamulo la ntchito zochedwa.

Chenjezo: chithunzi chikatumizidwa kwa inu kuchokera kwa munthu wina, nthawi imene mukuona ndi imene iye anakutumizirani, si imene wophunzira anatumiza. Musagamule za kuchedwa potengera foni yanu.

## 3. Funani malo amene munawerenga mosiyana

Masamba akakwanira, yang'anani pamene chithunzi sichikuoneka bwino. Malo ovuta amadziwika: m'munsi mwa tsamba pamene pagwera mthunzi wa dzanja kapena wa foni, pafupi ndi msana wa kope pamene pepala lapindika, m'mphepete pamene kamera yadula mawu, ndi paliponse pamene wophunzira analemba ndi pensulo kapena bolopeni yotha inki. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba chimapanikizidwa kuti chisadye bandulo, ndipo tizilembo tating'ono timafufutika. Chikatumizidwa kudzera pa Document chimafika monga mmene chinajambulidwira. Pulinta ya inki yakuda yokha imawonjezera vutolo, chifukwa mthunzi wotuwa pa sikirini umasanduka chibanga chakuda pa pepala.

Pa malo aliwonse otere, lembani tsamba, mzere, chimene inu munawerenga, ndi chimene mnzanu akuoneka kuti anawerenga. Ine ndinapeza malo amodzi ofunika. M'munsi mwa tsamba lachiwiri, pa mthunzi, wophunzirayo anatchula nkhondo ya ku Karonga pakati pa asilikali a Britain ndi a Germany, imene Amalawi anaferako, n'kulemba chaka chake. Nkhondoyo inachitika mu Sepitembala 1914. Ine ndinawerenga 1914 n'kupereka malikisi. Mnzanga anazunguliza chakacho n'kulemba kuti, "1917? Ndiye ingakhale bwanji chifukwa cha kuukira kwa 1915?" Nditakulitsa chithunzicho ndinavomereza mumtima kuti nambala yomalizayo sindingathe kulumbirira. Ndinaona 4 chifukwa ndimadziwa kuti payenera kukhala 4. Uwu ndi msampha wa wochonga wodziwa phunziro lake: diso limamalizitsa lokha chimene chithunzi sichikusonyeza.

Malo otere musawathetse pokangana. Pemphani pepala lenileni, kapena zithunzi zatsopano.

Chenjezo: musamuuze wophunzira mawu amene akukayikitsa, ndipo musamulembere nokha. Pempho lidzere kwa woyang'anira kosi, ndipo linene kuti ajambulenso masamba onse pa kuwala kwa masana, tsamba lathunthu ndi ngodya zake zinayi zikuoneka, atumize kudzera pa Document. Zikafika, yerekezani ndi zithunzi zakale: mawu otsiriza a mzere uliwonse, pamene anakhwatcha, pamene inki inadontha. Mukatero mudziwa kuti ndi pepala lomwe lija, silinakoperedwe mwatsopano.

## 4. Gawani kusiyanako m'zigawo za mlozo

Malikisi 15 si chinthu chimodzi, ndi tizinthu tingapo tophatikizana. Ikani malikisi anu ndi ake pambali pa chigawo chilichonse. Athu anali otere:

| Chigawo | Woyamba | Wachiwiri |
|---|---|---|
| Mfundo ndi umboni (40) | 20 | 27 |
| Kusanthula (30) | 13 | 18 |
| Kasanjidwe (15) | 6 | 10 |
| Chiyankhulo ndi magwero (15) | 9 | 8 |
| Zonse pamodzi | 48 | 63 |

Tsopano pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti kusiyanaku kwachokera kuti. Magwero ake ndi atatu okha. Mwina munaona zosiyana chifukwa cha zithunzi. Mwina munaona zofanana koma mawu a mu mlozo munawamva mosiyana. Kapena munaona zofanana, mlozo munaumva mofanana, koma ntchitoyo mwaiyeza mosiyana. Gwero loyamba limatha ndi kuwerenganso, lachiwiri limatha ndi kutsegula mlozo pamodzi, ndipo lachitatu lokha ndi limene lingafune wochonga wachitatu.

Kwa ife, malikisi 7 a mfundo ndi 4 a kasanjidwe ankaoneka kuti achokera pa tsamba losowa lija. Chimangirizo chopanda tsamba lapakati chimaoneka chodumphadumpha ngakhale wolembayo anachisanja bwino. Malikisi 5 a kusanthula anali osakanikirana, ena a tsamba losowa, ena a kayezedwe. Imodzi ya chiyankhulo sinali yotayirapo nthawi.

## 5. Lembani kalata

Kalatayo ikhale yaifupi moti mnzanu aiwerenge ali chiimire pakati pa maphunziro awiri, koma ikhale ndi zonse zomuthandiza kutsimikiza yekha popanda kukufunsani. Yambani ndi manambala ndi lamulo limene likukukakamizani kulemba, kuti aone kuti si inu mukufuna mkangano. Kenako za zithunzi. Kenako pamene mukudzikayikira nokha. Pomaliza penipeni ndi pamene mubweretse kusiyana kwa kayezedwe, ndi chimene mukupempha kuti chichitike, tsiku lake lomwe.

Itumizeni pa imelo ya kuntchito kapena pa pepala, osati pa gulu la WhatsApp la dipatimenti. Nayi imene ndinalemba:

> Madamu,
>
> Ndikhulupirira muli bwino. Ndamaliza kuchonga kachiwiri mapepala a kosi yathu, ndipo pa onse tagwirizana kupatula limodzi, la wophunzira nambala 027, funso la Chilembwe. Inu munapereka 48, ine ndapeza 63. Popeza tasiyana ndi malikisi 15 ndipo malire a 50 ali pakati pathu, lamulo likufuna kuti tikambirane malikisi asanapite kwa mkulu wa dipatimenti.
>
> Ndikuganiza kuti sitinawerenge masamba ofanana. Kope imene munapatsidwa ili ndi masamba 5, koma mu foda muli zithunzi 6. Fayilo yothera ndi WA0021 ndi tsamba lachinayi. Linafika 4:52, nthawi isanathe, koma silinapulintidwe. Likupitiriza chiganizo choduka cha m'munsi mwa tsamba 3, ndipo za thangata zimene munafunsa m'ndemanga yanu zili pamenepo. Pa masamba 5 amene munaona, ndemanga yanu ndi yoona, ndipo inenso ndikanapereka malikisi oyandikira anuwo. Ndaphatikiza tsambalo pa kalatayi, pamodzi ndi chithunzi chosonyeza nthawi imene linafika.
>
> Pali malo amodzi amene mwina ndalakwitsa ndine. Tsamba 2, mzere wachitatu kuchokera pansi, chaka cha nkhondo ya ku Karonga: ine ndinawerenga 1914, inu 1917. Nditakulitsa chithunzicho sindikutha kutsimikiza. Ndapempha woyang'anira kosi kuti wophunzirayo ajambulenso masamba onse, osamuuza chifukwa chake.
>
> Pa kusanthula mwina tisiyanabe ngakhale mutawerenga tsambalo. Ine ndinapereka 18 chifukwa cha ndime yomaliza, pamene akuyeza thangata ndi nkhondo kuti chachikulu n'chiti. Ndikufuna kumva ngati inu mukuona kuti ndimeyo ikukwana pa mlingo wa 18 mpaka 21 mu mlozo.
>
> Pempho langa ndi lakuti muwerengenso masamba onse 6 panokha, mulembe malikisi atsopano a chigawo chilichonse, ndipo tikumane Lachitatu nthawi ya 10 koloko mu ofesi mwanu kwa mphindi 20. Ngati tsikulo silikukuyenerani, nditchulireni lina Lachisanu lisanafike, chifukwa ndi tsiku lopereka malikisi. Pakadali pano sindinasinthe kalikonse pa fomu.
>
> Zikomo kwambiri.

Taonani zinthu ziwiri m'kalatayi. Choyamba, palibe pamene ndanena malikisi amene ndikufuna kuti tithere. Mukatchula nambala, mnzanu awerenganso akuyang'ana nambalayo, kaya kuti aifikire kapena kuti aikane. Chachiwiri, chiganizo chonena kuti inenso ndikanapereka malikisi oyandikira ake sichinali chongomusangalatsa. Ndinabisadi tsamba lachinayi n'kuwerenganso masamba 5 okhawo, ndipo ndinafika pa 50. Ngati simunayese zotere, musalembe chiganizocho.

Chenjezo: ngati wochonga woyamba ndi wamkulu kwa inu pa msinkhu kapena pa udindo, mtima umafuna kufewetsa kalata mpaka mfundo n'kusowa. Ulemu uikeni pa moni ndi pa kapemphedwe, koma manambala a masamba ndi mizere akhale omveka. Ngati ndi wamng'ono kwa inu, vuto limatembenuka: angovomera chilichonse chimene mwanena. Muuzeni poyera kuti mukufuna malikisi ake enieni, ndipo abwere atawalemba kale.

## 6. Kumanani, zithunzi zili pa sikirini imodzi

Khalani mbali imodzi ya tebulo, muziyang'ana chithunzi chimodzi, mlozo uli pakati panu. Yambani ndi zigawo zosavuta. Mnzanga anabwera atawerenga tsamba lachinayi, ndipo anali atakweza yekha mfundo kuchoka pa 20 kufika pa 26, kasanjidwe kuchoka pa 6 kufika pa 10. Zithunzi zatsopano zinali zitafika dzulo lake, ndipo chaka chija chinali 1917, chooneka bwinobwino. Iye ndiye anawerenga molondola. Ndinatsitsa mfundo zanga kuchoka pa 27 kufika pa 26. Pa chiyankhulo tinasiya 9 yake, chifukwa pamene kusiyana n'kochepa chotero ndipo palibe cholakwika, malikisi a wochonga woyamba ndi amene amakhala.

Panatsala kusanthula, iye pa 15, ine pa 18. Mlozo wathu unkati 15 mpaka 17 ndi wa wophunzira amene wafotokoza zifukwa n'kuzilumikiza ndi kuukirako, pamene 18 mpaka 21 ndi wa amene wayeza zifukwazo n'kusonyeza ndi umboni kuti chachikulu n'chiti. Wophunzirayo analemba m'ndime yomaliza kuti thangata inali nkhuni zouma, nkhondo inali moto woyatsira. Chiganizocho chinandigwira mtima, ndipo mpaka lero ndimachikonda. Koma mnzanga anandifunsa funso limodzi: "Mundisonyeze pamene waikira umboni mawu amenewa." Tinafufuza tonse awiri. Kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, wophunzirayo anangoitchula pa tsamba lachisanu osaigwiritsa ntchito poyeza zifukwazo. Ndipo munthu amene waika nkhondo ya ku Karonga mu 1917 ndiye kuti ndondomeko ya zochitikazo sanaigwire bwino. Ndinavomera kuti ntchitoyo ili pa mlingo wa 15 mpaka 17. Iyenso anavomera kuti si ya pansi penipeni pa mlingowo, chifukwa tsamba lachinayi linalumikiza bwino thangata ndi mkwiyo wa anthu a ku Magomero ndi a ku mishoni ya Chilembwe ku Mbombwe. Tinagwirizana 16.

Kuphatikiza 26, 16, 10 ndi 9 kunapereka 61. Tikanangogawa pakati pa 48 ndi 63 tikanapeza 55 ndi theka, nambala imene palibe aliyense wa ife akanatha kuifotokoza, ndipo wophunzirayo akanataya malikisi oposa 5 chifukwa cha tsamba limene iye anatumiza m'nthawi yake.

Chenjezo: gwirizanani mlingo kaye, nambala pambuyo. Mukayamba ndi nambala, kukambirana kumasanduka kutsatsana malonda a pamsika.

## 7. Mukalephera kugwirizana

Ngati mwaona masamba ofanana, mwawerenga mlozo pamodzi, koma mukusiyanabe kuposa mmene lamulo limalolera, lekani pomwepo. Si chamanyazi. Lemberani limodzi mkulu wa dipatimenti kapena woyang'anira kosi kuti asankhe wochonga wachitatu. Musamusankhe nokha, makamaka mnzanu wa mu ofesi imodzi. Wachitatuyo apatsidwe masamba onse osalembedwapo kanthu, osanjidwa bwino mu PDF imodzi, pamodzi ndi funso ndi mlozo. Za kuona malikisi anu asanachonge kapena atachonga, tsatani lamulo la kwanuko, koma pamene lamulo silinenapo kanthu, ndi bwino achonge asanawaone.

Nkhani ina siyenera kuthera pakati pa inu awiri n'komwe. Ngati mmodzi wa inu anatsitsa malikisi chifukwa akukayikira kuti ntchitoyo ndi yokopera, kapena kuti kalembedwe ka dzanja kasintha pakati pa masamba, imeneyo si nkhani ya malikisi. Chongani ntchitoyo monga mmene ilili, ndipo chikayikocho chipite padera kwa oyenera. Dziwaninso kuti Turnitin, pulogalamu yogwira ntchito zokopera, imafufuza mawu otayipidwa, mawu a pamanja a pa chithunzi siiwerenga, choncho kusowa kwa lipoti lake si umboni wa mbali iliyonse.

## 8. Lembani zimene mwagwirizana, ndipo onani mapepala ena

Tsiku lomwelo lembani pa fomu malikisi onse atatu, 48, 63 ndi 61, ndi chifukwa chake m'mizere iwiri kapena itatu: tsamba 4 silinapulintidwe koma linafika m'nthawi yake, chaka cha pa tsamba 2 chatsimikizidwa ndi zithunzi zatsopano, kusanthula kwaikidwa pa mlingo wa 15 mpaka 17. Sayinani nonse. Woyesa wochokera kunja akadzatola pepalali, adzafuna kuona njira imene munadzera.

Ndemanga yopita kwa wophunzira ilembedwenso. Mukamubwezera 61 pamodzi ndi mawu akuti "za thangata zili kuti", adabwa, ndipo ali ndi chifukwa chokadandaulira. Alandire malikisi amodzi ndi ndemanga imodzi yogwirizana nawo, yomuuza za chaka cholakwika, za kuika umboni pa mfundo yake yomaliza, ndi kuti azilemba nambala pa tsamba lililonse motere: 1/6, 2/6, mpaka 6/6.

Chomaliza, chimene ambiri amaiwala: ngati tsamba la wophunzira mmodzi linatsala populinta, la wina likhozanso kukhala litatsala. Ife tinawerenga masamba a mapepala onse a gululo poyerekeza ndi mafayilo a mu foda. Inali ntchito ya ola limodzi. Mukamaliza, fufutani zithunzi za ophunzira pa foni yanu, zikhale mu foda ya kosi mokha.

## Zolakwika zofala

Kugawa pakati musanafufuze. Kugawa pakati kungaloledwe pamene kusiyana n'kochepa ndipo nonse munaona zofanana. Pamene wina anawerenga masamba 5 ndipo wina 6, mukuphatikiza malikisi a ntchito ziwiri zosiyana.

Kusintha malikisi mwakachetechete. Ochonga kachiwiri ena amangolemba nambala yawo pamwamba pa ya mnzawo, poganiza kuti akupewa mkangano. Mnzanuyo adzaziona pa msonkhano wa malikisi, pamaso pa anthu, ndipo mkangano wake udzaposa umene munkathawa.

Kuchotsa malikisi chifukwa cha chithunzi choipa. Ngati mlozo sutchula za kaonekedwe ka chithunzi, mulibe pochotsera. Wophunzira wojambulira pa foni yobwereka, usiku, pa kuwala kwa tochi, sanalakwe funso. Pemphani zithunzi zina. Koma musagwerenso mbali inayo monga ndinachitira ine, kupereka malikisi pa mawu amene simukuwaona.

Kulemba za munthu m'malo mwa pepala. Mawu ngati "mumaumira malikisi" kapena "simunawerenge bwino" asapezeke m'kalata. Kalatayi ingathe kudzawerengedwa ndi mkulu wa dipatimenti, woyesa wochokera kunja, kapena komiti yomva madandaulo. Chiganizo chilichonse chiloze tsamba, mzere, kapena mawu a mu mlozo.

Kuuza wophunzira kuti ochonga asiyana. Akamva kuti wina anapereka 63, malikisi 61 amuwawa ngakhale ndi oyenera, ndipo ayamba kuyenda m'maofesi kufuna amene anamukomera mtima.

Kudikira tsiku lopereka malikisi. Zithunzi zatsopano zimatenga masiku, makamaka ngati wophunzira ali kumudzi kumene netiweki imavuta kapena pepalalo analisiya kusukulu kumene amaphunzitsa. Zathu tinapempha Lolemba m'mawa, zinafika Lachiwiri madzulo. Tumizani kalata ndi pempho la zithunzi tsiku lomwelo limene mwaona kusiyanako.